Tikati "mbewu yamakono", mlimi amamva chiyani?

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo nonse a kuno ku Lunzu. Ena mwa inu mumathandiza alangizi kumasulira timapepala ta zaulimi, ena mumawerengera anzanu kukalabu uthenga wobwera pafoni. Ndiye lero tikambirane zoyenera kuchita tikakumana ndi mawu a zaulimi amene m'Chichewa mulibe.

Ndiyambe ndi mawu amene anamasuliridwa bwino. Feteleza wa NPK timati wokulitsa, wa yureya timati wobereketsa. Amene anayambitsa mawuwa sanalimbane ndi mayina a michere ili m'thumbamo. Anayang'ana ntchito yake m'munda. Mlimi akangomva, wadziwa kale woyamba kuthira ndi wotsatira. Njira yake ndi imeneyo: musanafune mawu, dzifunseni kuti munthu akamva akachite chiyani.

Tsono tibwere pa chimanga, pamene pali vuto lenileni. Timakonda kunena kuti "mbewu yamakono" posiyanitsa ndi chimanga chamakolo. Koma m'mawu amodziwa tabisamo mitundu iwiri yosiyana kwambiri.

Woyamba ndi haibulidi, monga SC 403 amene mumamutcha Kanyani, kapena MH18 amene anatuluka mu 1990. Opanga mbewu amabzala makolo awiri osankhidwa m'mizere yosiyana. Mizere ina amaithyola ngayaye isanayambe kuwaza ufa wake, kuti ndevu zake zilandire ufa wa kholo linalo basi. Njere zochokera m'mizere yothyoledwayo ndi zimene mumagula. Mphamvu yake ili pa kubzala koyamba. Mukasunga zokolola n'kubzalanso, mudzaona munda wosalingana: mapesi ena ataliatali, ena afupi, kumasula nthawi zosiyana, zisononkho zina zazing'ono, ndipo zokolola zimatsika ngakhale mwathira feteleza yemweyo.

Wachiwiri ndi uja pathumba amalemba OPV, monga ZM 523. Uyu amaberekana yekha m'munda mwa ufa wouluka ndi mphepo, ngati chamakolo. Mungathe kusunga mbewu yake n'kubzalanso kwa zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka mukamasankha zisononkho zabwino zapakati pa munda, kutali ndi chimanga cha mnansi.

Mwaona vuto lake? Kapepala kakati "mbewu yamakono musabwereze", mayi amene ali ndi ZM 523 akagulitsa mbuzi kuti agule mbewu imene sakuifunikira chaka chimenecho. Kakati "mbewu yamakono mungasunge", wa Kanyani ndiye alira pokolola. Womasulira sananame, koma wapweteketsa munthu.

Ndiye tichite bwanji? Mawu akuti haibulidi tiwasiye, anthu anawazolowera kale, ndipo wogulitsa ku Limbe kapena pamsika wa Lunzu pano akumvani mukawatchula. Kupeka dzina latsopano, monga "chimanga chosakaniza", ine sindivomereza. Mlimi aganiza za mbewu zothiridwa pamodzi m'lichero, ndipo akafika kusitolo palibe thumba lolembedwa choncho. Chofunika ndi kumata ntchito yake pambali pa dzinalo: "haibulidi, mbewu yogula chaka ndi chaka".

OPV ndiye wovutirapo, chifukwa zilembo zitatuzo sizinena kanthu m'khutu la Mchewa. Kumasulira liwu ndi liwu kungatipatse chiganizo chachitali chonena za ufa wa ngayaye, chimene ndi choona koma sichithandiza munthu waima pakauntala ndi ndalama m'manja. Ine ndimalemba "mbewu yobwereza ya OPV". Zilembozo zikhalepo ndithu, monga mmene zilili pathumba, kuti ngakhale wosadziwa Chingerezi azifananize ndi maso. Komabe mawu akuti yobwereza ali ndi msampha wake: wina amva ngati adzabwereza mpaka kalekale. Choncho poyamba kuwatchula m'kapepala, onjezani malire: "mungabwereze mpaka zaka zitatu, kenako gulani ina". Pambuyo pake gwiritsani mawu omwewo mpaka kumapeto. Musasinthe n'kuyamba kutchula mbewu yomweyo ndi dzina lina loti kompoziti patsamba lachiwiri, owerenga aganiza kuti ndi mbewu yachitatu.

Mukamaliza, yesani zomwe mwalembazo pa munthu amene sanalipo pokonza. Koma musafunse kuti "mwamva?" Ife mwaulemu timangoti inde. Muwerengereni, kenako mufunse kuti, "Agogo, mwakolola Kanyani wanu, chaka chamawa mubzala chiyani?" Akati asankha zisononkho zazikulu m'nkhokwe, mawu anu sanafike, kalembeninso. Mufunsenso wa ZM 523 kuti adzagula liti ina, mumve ngati atchula zaka zija.

Ndabwera ndi matumba awiri opanda kanthu awa. Tigawane magulu awiri, lililonse litenge thumba limodzi, lipeze dzina la mbewu ndi mtundu wake, kenako lilembe chiganizo chimodzi chouza mlimi ngati angasunge mbewuyo kapena ayi. Mukatha, gulu linalo likuyesani ndi funso lija.