Kalata ya Chifalansa ikakupezani pa desiki ya anesi

Moni nonse omasulira atsopano. Uthenga uno utalikirapo, ndiye pezani pokhala.

Amene mwayamba ntchito kufupi ndi Dzaleka ku Dowa mwaona kale zimene zimachitika. Abwera mayi wochokera ku Uvira kapena ku Bujumbura, atulutsa pepala lopindapinda m'chikwama chapulasitiki, anesi akupatsani n'kunena kuti, "Tatiuzani akuti chiyani apa." Pabenchi panja anthu ali ndandanda, ndiye mtima umafuna kungoyamba pamzere woyamba. Musayambe. Pemphani mphindi ziwiri, nenani kuti, "Anesi, ndiyambe ndaiona yonse kaye," ndipo muiwerenge chamumtima mpaka pachidindo. Mukufuna mudziwe amene analemba, tsiku limene analemba, ndi chimene akupempha. Tsiku likhale loyamba kutuluka pakamwa panu, chifukwa kalata ya miyezi 8 yapitayo ikawerengedwa ngati ya dzulo, anesi aganiza kuti mayiyo akadamwabe mankhwala amene anatha kalekale. Pa kalatayo musalembepo chilichonse, ndi ya mwini wake. Manambala ndi mawu okuvutani alembeni pakapepala kanu.

Tiyerekeze kuti pakati pa kalatayo pali mizere iyi:

```
ATCD : HTA
TA 16/10
GE (-)
1 cp x 3/j pdt 7 j
```

Pamwamba pake dokotala wayamba ndi chiganizo chimodzi chotalika mizere inayi, monga amachitira olemba Chifalansa: akulonjera mnzake, akutchula mayiyo, zaka zake, mmene anafikira, ndipo chimene akupempha chili kumapeto kwenikweni. Mukachitsatira mawu ndi mawu mupuma pakati, mubwerera, ndipo anesi ataya mutu wa nkhani. Chiduleni. "Wolemba ndi dokotala wa ku Uvira. Akutumiza mayi wa zaka 46. Anabwera akumva kutentha thupi ndi kupweteka pakhosi kwa masiku atatu. Akupempha kuti mupitirize kumuona." Palibe chimene mwasiya, mwangochiyala m'Chichewa. Ndipo muzinena kuti "wolemba akuti", kuti aliyense adziwe kuti mawuwo si anu.

Za liwiro, yang'anani cholembera cha anesi. Chikamayenda m'kabuku ka kuchipatala, inu khalani chete, maso anu akhale ali kale pachiganizo chotsatira, chala chili pamzere umene mwalekezera. Chikaima, pitirizani. Vuto la ambiri ndi ili: pamalonje ndi pamawu osavuta amathamanga ngati njinga yotsetsereka, akafika povuta amang'ung'udza n'kudumpha msanga kuti asaoneke kuti avutika. Pofunika kuchedwa ndi povutapo. Mawu aulemu otsekera kalata aja, ngakhale atatenga mizere itatu, ingonenani kuti, "Akutseka ndi mawu aulemu, wasayina, pali chidindo."

Tsopano manambala. ATCD ndi matenda amene munthu anali nawo kale, HTA ndi bipi yokwera. TA 16/10 ndi muyeso wa bipi, koma madokotala ambiri olemba Chifalansa amalemba m'masentimita, pamene kuno timalemba m'mamilimita. Choncho 16/10 yawo ndi 160/100 yathu. Nenani zonse ziwiri: "Palembedwa 16 pa 10, ndiye kuti 160 pa 100 mwa kalembedwe kathu." Anesi aone okha papepalapo. Shuga nayenso amakonda kumulemba m'magalamu pa lita, ndipo pamene ife timaika kadontho iwo amaika koma. Mukaona 1,26 musawerenge ngati manambala awiri. Ndi 1.26, yofanana ndi 126 pamakina oyeza m'mamiligalamu. Muyang'anitsitsenso kalembedwe ka pamanja: 1 wawo ali ndi kamchira kakatali kutsogolo, amaoneka ngati 7 wathu, pamene 7 wawo amakhala ndi kamzere kodula pakati. Piritsi limodzi lingasanduke mapiritsi 7 pakamwa pa munthu wothamanga.

Mzere womalizawo ukuti piritsi limodzi, katatu pa tsiku, kwa masiku 7. Unenedwe kawiri, ndipo anesi aubwereze kwa inu. Apa ndionjezerepo kanthu kamene kamasokoneza ngakhale odziwa Chifalansa bwino: akalemba m'mawu kuti mubwerenso pakatha masiku 8, kawirikawiri amatanthauza sabata imodzi, akati masiku 15 ndi masabata awiri. Nenani zimene zalembedwa, kenako fotokozani mmene eni chiyankhulo amazimvera.

GE ndi kuyeza malungo kwa magazi a pagalasi, ndipo kamzere kali m'mikutiramawuko kakuti sanapezeke. Kukana kotereku ndiye kumathawa maso. M'Chifalansa kumabisala m'timawu tating'onoting'ono, monga "pas", "sans" ndi "ne", ndipo pepala likapindika pomwepo "alibe malungo" amasanduka "malungo". Pamene mukuwerenga chamumtima paja, sakani timawu timeneti dala. Musiyanitsenso "sakumwa", "sakumwanso" ndi "akumwa awa okha", chifukwa onse amayamba ndi ne yemweyo, chosintha ndi kamawu kachiwiri.

Nanga mawu amene simukuwadziwa? Musapeke, ndipo musawameze. Imani, nenani momveka kuti, "Pano pali mawu amodzi amene sindikuwadziwa," malizani chiganizo chonse ndi mpata umenewo, kenako lozani ndi chala anesi kapena adokotala aone. Mawu ambiri a zachipatala m'Chifalansa ndi m'Chingerezi anachokera kumodzi, ndiye nthawi zambiri iwo amawazindikira akangoona kalembedwe. Koma kufanana komweko kumapusitsanso. Mayi wathu uja, dokotala walemba kuti ali ndi "angine". Amene anaphunzira m'Chingerezi akaona mawuwo, pamodzi ndi bipi ya 160, aganiza za kupweteka kwa pachifuwa kochokera ku mtima. Koma m'Chifalansa mawuwo akakhala okha ndi zilonda zapakhosi. Amakhala a mtima pokhapokha ataonjezera mawu otchula chifuwa. Ndiye adokotala akati, "Aa, ndawadziwa," inu onaninso ngati tanthauzolo likugwirizana ndi kalata yonse. Kutentha thupi, pakhosi popweteka, mankhwala a masiku 7, zonsezi zikuloza kukhosi. Nenani zimenezo, chigamulo musiyire iwo.

Ngati nonse simukuwadziwa, tsegulani dikishonale ya pafoni, mulembemo mawu okhawo. Musajambule kalata yonse n'kutumiza kwa mnzanu, muli dzina ndi matenda a munthu. Likakhala dzina la mankhwala, funsani mayiyo ngati ali ndi kapaketi kake, chifukwa pansi pa dzina lamalonda pamakhala dzina lenileni la mankhwalawo, ndipo limenelo a ku famase amalidziwa. Pamene inki inafufutika kapena dzanja la dokotala silikuwerengeka, nenani kuti sipakuwerengeka, ndipo anesi alembe choncho m'kabuku.

Kuwerenga chamumtima kuja kuli ndi ntchito inanso. Mukaona VIH, amene ndi kachilombo koyambitsa Edzi, kapena nkhani ya kugwiriridwa, musanatsegule pakamwa onani amene ali m'chipindamo. Wodikirira odwala, mwana, ngakhale mwamuna wake, mwina sakudziwa. Uzani anesi motsitsa mawu kuti kalatayi ikufunika chitseko chotseka, ndipo mayiyo afunsidwe m'Chiswahili kapena m'Chirundi kuti akufuna atsale ndani. Mukamaliza, pindani kalatayo monga inalili mumubwezere m'manja, ndipo kapepala kanu ka manambala kaja kang'ambeni musanaitane wotsatira.