Tambala wa ku Moatize: mizere iwiri imene inatidyera masabata atatu

Moni abale anga, a ku Dedza, a ku Ntcheu, ndi nonse amene mumandimvera kutsidya lino la malire. Ndikujambula gawo lino usiku pakhonde kuno ku Moatize, chifukwa m'nyumba simukukhalika. Mwezi wa Okutobala ku Tete masana kumatentha kupyola madigiri 40, ndipo malata amasunga moto mpaka pakati pa usiku. Mukamva kugunda chapatali, ndi sitima ya malasha imeneyo.

Lero sindikamba za mapepala a pa chipata cha Zobwe kapena za mitengo ya ufa. Ndikufuna ndikufotokozereni za ntchito ina imene ndinaigwira popanda malipiro, koma inandisowetsa tulo kuposa kuwotcherera zitseko kumene ndimadyera.

Eni nyumba imene ndimachita lendi kwawo ndi ku Ulongwe, ku Angonia, ndipo Chichewa chawo n'chimodzimodzi ndi cha kwathu. Koma mwana wawo wamwamuna, wa zaka 19, anakulira konkuno. Pakamwa pake pamatuluka Chipwitikizi ndi Chinyungwe, Chichewa amangomva ndi kuyankha mwapatalipatali. Mnyamatayu amaimba rapu. Kuchokera pamene Azagaia, woimba rapu wotchuka wa kuno ku Mozambiki, anamwalira mu Malichi 2023, anyamata ambiri a m'dera lathu lino anayamba kulemba mizere m'mafoni, naye ndi mmodzi wa iwo. Amanditchula Tiyu, ndiye kuti malume pa Chipwitikizi. Tsiku lina anandipeza ndikutsuka m'manja n'kunena kuti, "Tiyu, agogo akubwera kuchokera kumudzi. Ndikufuna amve nyimbo yanga m'chilankhulo chawo. Mundithandize."

Nyimbo yambiri inayenda bwino. Mawu ngati madala ali mbali zonse ziwiri za malire, sitinawakhudze. Maningi, amene kuno amatanthauza zambiri, tinawasiyanso chifukwa wa ku Ulongwe aliyense amene anakwerapo shapa, minibasi za kuno, amawadziwa. Tinakakamira pa mizere iwiri yokha, ndipo ndiyo mtima wa nyimboyo. Pa foni pake inalembedwa chonchi:

Colchão sem mola, bolso sem mola
Saí da escola, não peço esmola

Mvetserani bwino liwu lakuti mola. M'Chipwitikizi cha m'buku, mola ndi sipuling'i, kachitsulo kopotana kamene kamakhala m'matiresi kapena pansi pa galimoto. Koma m'misewu ya ku Mozambiki, mola ndi ndalama. Ndiye mzere woyamba ukunena kuti matiresi alibe mola, thumba nalo lilibe mola. Liwu limodzi, umphawi wa usiku ndi umphawi wa masana. Mzere wachiwiri ukuti ndinasiya sukulu koma sindipemphetsa, ndipo liwu lomaliza, lotanthauza chithandizo chopatsa wopemphetsa, lili ndi mola yemweyo wobisala m'kati mwake. Mnyamatayu anabisa ndalama m'kati mwa chinthu chimene akuchikana. Nditazindikira zimenezo ndinamuyang'ana kawiri.

Choyamba ndinalemba tanthauzo lokhalokha, osasamala kukoma: "Matiresi opanda sipuling'i, thumba lopanda ndalama." N'zoona ndithu, koma mzerewo wafa. Palibe chimene chikumangiriza matiresi ndi thumba, zangokhala zinthu ziwiri zimene munthu akudandaula. Komanso sukulowa m'ng'oma. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuwerenga maphatikizo ndi zala. Biti yake imagunda ka 90 pa mphindi, ndipo mzere umodzi umatenga magundo anayi, ndiye kuti masekondi awiri ndi theka n'kangachepe. M'magundo anayiwo muli timipata 16 toikamo maphatikizo ngati sukuthamanga. Mzere wake wa Chipwitikizi uli ndi maphatikizo 10, asanu uku asanu uku, mpata wopumira ulipo wambiri. Wanga uja unali ndi 19. Atayesa kuuimba, lilime linapunthwa pa sipuling'i ndipo mpweya unamuthera asanafike pa ndalama.

Chichewa chathu n'chachitali, abale. Liwu lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo mneni amanyamula mwini, nthawi ndi kukana pamsana pake. Zimenezi zimapangitsa kuti kufananitsa mathero a mizere kukhale kosavuta, mwina kosavuta mopyola, chifukwa aneni ambiri amathera pa a. Ukangodalira mathero, khutu la Mchewa silimva kuti wachitapo kanthu. Luso liyenera kukhala m'kati mwa mawu.

Ndiye ndinasiya kufunsa kuti mola pa Chichewa n'chiyani. Ndinayamba kufunsa kuti mzerewu ukuchita chiyani. Ukutchula liwu limodzi kawiri, koyamba ngati chinthu cha pakhomo, kachiwiri ngati ndalama. Ndinatenga katoni ya mawaya owotcherera n'kulemba kumbuyo kwake mayina onse a ndalama amene ndimawadziwa: makobidi, chuma, dola, mpamba, makwacha. Pa lililonse ndinkadzifunsa ngati lili ndi nkhope yachiwiri. Makobidi alibe. Dola alibe. Zinandibwerera m'bandakucha wina, nkhuku za aneba zitayamba phokoso. Ndalama zathu za ku Malawi, kuyambira 1971, mayina ake onse awiri ndi a m'mawa: kwacha, ndi tambala amene 100 amapanga kwacha imodzi. Ndinadzuka n'kulemba:

Tambala walira, ndilibe tambala

Maphatikizo 12, asanu ndi limodzi mbali iliyonse, kutsala timipata tinayi topumira. Ndipo mzerewo sunachoke pogona, chifukwa amene amamva tambala ndi munthu amene ali pamphasa, sanadzuke.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Chifukwa cha chimwemwe ndinawonjezera mzere wachiwiri wakuti "Kunja kwacha, kwanga kulibe kwacha." Umakoma m'kamwa, ndipo ndinapita nawo kwa mnyamatayo ndikuyembekeza kuti alumpha. Anauwerenga, n'kukhala chete, kenako anati, "Tiyu, sukulu ili kuti? Nanga poti sindipempha pali pati? Apa ndikungolira kawiri." Ananena zoona. M'nyimbo yake mzere woyamba ndi bala, wachiwiri ndi kuima chilili. Ine ndinaika mabala awiri. Ndinali nditasiya kumasulira nyimbo yake n'kuyamba kulemba yanga. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: bweza mzere wako m'chilankhulo choyamba, umuwerengere mwini wake. Akapanda kudzizindikira, wasochera, ngakhale mzerewo ukome chotani.

Tinabwerera pa katoni paja. Tinkafuna liwu la kupemphetsa limene lili ndi tambala m'mimba mwake, monga lake lija linali ndi mola. Kupempha ayi, kupemphetsa ayi. Anatithandiza ndi amayi ake, amene ankasankha nyemba chapafupi osaoneka ngati akumvetsera. Anangoti, "Wopempha amatani? Si amatambasula dzanja?" Tamba, kenako la kumapeto. Tambala ali momwemo, wangotambasuka. Mzere unakhala wakuti "Sukulu ndinasiya, dzanja sinditambasula." Maphatikizo 15, wodzaza mpaka pakamwa. Tinaudula monga timalankhulira tikakhala pa bawo:

Tambala walira, ndilibe tambala
Sukulu n'nasiya, dzanja sin'tambasula

Wachiwiriwo unatsika kufika pa 13. Panatsala kuona pogwera ng'oma. Pa Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye mba wa tambala ndi su wa tambasula ayenera kugwera pa gundo lamphamvu. Poyamba mnyamatayu ankamenya phatikizo lomaliza, ndipo liwulo linkamveka ngati la mlendo. Tinabwereza usiku atatu, ine ndikuomba m'manja, iye akusuntha poyambira mzere pang'onopang'ono mpaka unakhazikika.

Tsopano ndikuuzeni zimene tinataya, chifukwa zilipo ndipo zimandiwawabe. Matiresi aja anapita. Sanali ongopeka. Ndinawaona m'chipinda chake, siponji yopyapyala yoti ukagona nthiti zimawerenga simenti, ndipo pakati pake pali dzenje la thupi lake. Tambala ndi wa mudzi wonse, koma matiresi aja anali ake yekha. Chachiwiri, tasamutsa nyimbo. Ndalama ya dziko lino ndi metikali, kuyambira 1980, ndipo tinthu take tating'ono ndi masentavu. Mwana wa ku Moatize akamati alibe tambala akulankhula ndi pakamwa pa Mmalawi. Chachitatu ndinachiona titayesa mizereyo pa anzake anayi, osawafotokozera kanthu. Umo ndi mmene ndimayesera: ndimaimba, n'kuyang'ana nkhope, kenako n'kufunsa kuti wamva chiyani. Atatu anati mnyamatayu akudandaula kuti kwawo kulibe nkhuku. Mmodzi yekha, amene amapita ndi amayi ake kukaoda mbatata ku malire a Dedza, ndi amene anamwetulira pa tambala wachiwiri. Ngakhale kumudzi kwathu, ana a masiku ano tambala sanamugwirepo m'manja, amangomumva m'mawu a akuluakulu akuti ndilibe ngakhale tambala.

Choncho tinagwirizana zopanga ziwiri. Pa vidiyo ya Chipwitikizi, mawu a Chichewa olembedwa pansi tinasiya matiresi ndi mola momwemo, "matiresi alibe mola, thumba lilibe mola", chifukwa owerenga ake ndi a konkuno ndipo mola amamudziwa, pamene m'chithunzimo mnyamatayo akuoneka akukanikiza siponji ija ndi dzanja. Koma poimba pakamwa, pamaso pa anthu a kumtunda, akuimba za tambala.

Agogo aja anafika Loweruka pa shapa ya ku Ulongwe, ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi nkhuku yomanga miyendo. Madzulo tinawayalira mphasa pakhonde pompano, mdzukulu wawo n'kuika foni m'kapu kuti biti imveke. Mawu ake ankanjenjemera poyamba. Atafika pa ndilibe tambala, agogo anaseka kamodzi, kuseka kwa munthu amene wagwira chinthu chili m'malere. Atafika pa dzanja sin'tambasula, kuseka kunatha. Anamuuza kuti abwereze. Anabwereza. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje chawo, natulutsa ndalama yachitsulo ya mametikali 10, namuikira pa bondo, osati m'dzanja. Anati, "Sunapemphe, mdzukulu wanga. Ndakufupa."

Atatero anatembenukira kwa mwana wawo, bambo a mnyamatayo, n'kufunsa kuti za kusiya sukuluzi zinayamba liti, ndipo n'chifukwa chiyani iwo akuzimvera m'nyimbo. Ine ndinanyamula mpando wanga n'kulowa m'nyumba. Nkhani imeneyo anakambirana mpaka usiku, ndipo ndi ya banja lawo.

Sabata yamawa ndidzakhala kutsidya kwa Zambezi, mumzinda wa Tete, kukagwira ntchito ya mageti, ndiye gawo lotsatira lidzachedwa ndi masiku awiri. Gonani bwino, abale anga.