Achemwali, za mabowo a pa kabichi aja

Achemwali mwaswera bwanji kumeneko, mayi ali bwanji ndi mwendo uja. Ndangoweruka kumene ku famu kuno ku Joni ndiye ndati ndijambule mawu, kulemba sindingathe zala zauma. Mumvere limodzi ndi alamu chifukwa amene akupopera ndi iwowo.

Zithunzi zitatu zija ndaziona. Choyamba chija mwajambula mutaimirira, ndikungoona dimba lonse ndi kheni pambali, sichikundithandiza olo pang'ono. Koma chachiwiri chija eee chandiuza zambiri. Tachitsegulani muone bwinobwino, mabowo ena sanaboole mpaka kuseri, patsala kakhungu kopyapyala kotuwa, koonekera ngati kapepala ka pulasitiki. Imeneyo ndi ntchito ya mbozi ya kagulugufe kaja pa mabotolo a mankhwala amakalemba kuti diamondback moth. Mboziyo imadya tsamba kuchokera kunsi nkusiya khungu la pamwamba, ndiye tsamba likamakula kakhungu kaja kamauma nkung'ambika, basi mumangoona timabowo mbwee, tosafanana kukula kwake. Nde mukamayang'ana pamwamba pokha simuona kanthu, mwini wake ali kunsi.

Mawa m'mawa mutembenuze masamba, makamaka apakati aja oyandikira pamene mutu ukupangika. Mufune kambozi kobiriwira mofanana ndi tsamba lomwelo, kakang'ono heavy ayi koma kakang'ono ndithu, kakakula kwambiri ndi sentimita imodzi, mwina kotala ya kamtengo ka machesi. Kamakhala konenepako pakati, kosongoka kumutu ndi kumchira, ndipo kumchirako timiyendo tiwiri timatuluka motakasuka. Kakhudzeni ndi kaudzu. Kakayamba kuphiriphitha mwamphamvu chobwerera m'mbuyo kenako nkudziponya pansi kakulendewera pa kaulusi, ndi komweko, musakaikenso. Mbozi zina zija zikuluzikulu zimangodzipinda kapena kuyenda mwaulesi, sizichita misala imeneyo. Muonanso timanyi tobiriwira kapena takuda pafupi ndi bowo, komanso tizikwa toluka mwapatalipatali tomatirira kunsi kwa tsamba, mkati mukuoneka kanthu kobiriwira kapena kabulauni. Mukagwedeza kabichi chakumadzulo tiuluka tiagulugufe totuwa tochepa, timangouluka pang'ono nkuteranso pomwepo.

Chithunzi chachitatu chija ndi nkhani ina. Tsamba lija ndi lakunja, logona pansi, bowo lake ndi lalikulu, lopita mbali zonse, laboola mpaka kuseri ndipo chakumanja kukuoneka kanthu konyezimira. Vuto pa chithunzi madzi othirira amanyezimiranso, ndiye alamu akaone tsambalo dzuwa litakwera madzi atauma. Ngati mzere wonyezimira uja ukadalipo, wouma, woyenda mokhotakhota kuchoka pa dothi kukwera tsamba, ndi mamina a nkhono zopanda chigoba zija. Zimenezo masana simungazione, zimabisala pansi pa udzu mwaphimbira uja ndi m'zibuma zonyowa. Ndikuganiza tsambalo lachokera mzere wa kufupi ndi chitsime, kapena ndanama? Chifukwa ndi kutentha kwa Mangochi mwezi wa Okutobala uno nkhono sizingakhale pouma. Yalani chiguduli chonyowa pakati pa mizere madzulo, m'mawa mukavundukule, zikakhalapo muzipeza zitaunjikana, mungotola nkuponya m'madzi a mchere. Kapena mupite ndi tochi cha m'ma 9 usiku. Mankhwala a mbozi nkhono sawamva nkomwe, kupopera nkungotaya ndalama.

Tizikumbu todumpha tija anakuuzani aneba, ine pa zithunzi zanu sindikutiona. Timeneto ndi takuda tonyezimira, mamilimita awiri kapena atatu, mukayandikira timadumpha ngati utitiri. Mabowo ake ndi ozungulira, ang'onoang'ono pafupifupi ofanana onse, ena ongokumbika pang'ono pamwamba, opanda ulusi, opanda mamina. Ndipo timakonda mbande za ku nazale, mpiru ndi tchainizi, kabichi wamkulu wa masamba olimba sitimuvutitsa kwambiri. Kabichi wanu wayamba kupanga mutu, ndiye mlandu umenewu si wawo.

Mujambulenso koma chonchi. Thyolani tsamba limodzi lowonongeka. Chithunzi choyamba mulikweze kuloza kumwamba kuwala kudutse, pamenepo ndiona kuti ndi bowo lenileni kapena patsala kakhungu. Chachiwiri mulitembenuze, muliike pa pepala loyera pamthunzi, osati pa dzuwa lamphamvu, muike kamtengo ka machesi pambali pa bowo kapena pa kambozi kuti ndidziwe kukula kwake. Osakoka zuumu ndi zala, yandikitsani foniyo ngati kutalika kwa chikhatho kenako mugunde pa sikirini pamene pali kachilomboko mpaka kaoneke bwino, ndipo mupukute kaye kagalasi ka kamera ndi chitenje, zija zinali ndi chifunga. Potumiza pa watsapu musankhe Document osati Gallery, ikatero siichepetsa chithunzi, ndikachikulitsa kuno ndimaona mpaka timiyendo. Imadya bandulo yambiri inde, ndikutumizirani mayunitsi. Kavidiyo ka masekondi 10 mukukakhudza ndi kaudzu kangapose zithunzi zonsezi.

Tsopano za mankhwala, alamu mumvetsere apa. Mwati mwapopera saipa kangapo koma mabowo akungochuluka. Sizodabwitsa, mbozi imeneyi inazolowera saipa ndi anzake a mtundu womwewo m'madera ambiri, ndiye amene mukupha ndi timavu tating'ono ndi akangaude amene amadya mbozizo. Kutentha chonchi kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira ndi masabata awiri kapena atatu basi, mvula kulibe yoti izikokolola, nchifukwa chake chilimwe zimavuta chonchi. Kuwonjezera mlingo wa saipa sikuthandiza, mungodwalitsa anthu ogula.

Ku shopu ya zaulimi ku boma mufunse mankhwala olembedwa Bacillus thuringiensis, ena amangolemba Bt. Amagwira mbozi ikadya tsamba lopopera, imasiya kudya tsiku lomwelo koma kufa imafa patapita masiku awiri atatu, ndiye musati ndi abodza mukaona zikuyendabe m'mawa mwake. Mupopere madzulo chifukwa dzuwa limawapha mphamvu, nozo iloze kunsi kwa masamba ndi mu mtima mwa kabichi, mlingo mutsate wa pa botolo. Akasowa, nimu uli mbwee kumeneko. Sinjani njere zouma theka la kilo, muviike m'malita 10 a madzi usiku wonse, musefe ndi kansalu kuti sipuleya isatseke, muike kasopo pang'ono chifukwa tsamba la kabichi madzi amangotsetsereka. Mubwereze sabata iliyonse. Nimu sagwetsa mbozi pompopompo, amailetsa kudya ndi kukula, ndipo amagwira bwino zikadali zazing'ono.

Masamba akunja aja atabooka asakudetseni nkhawa kwambiri, mutu ukhoza kupangika bwinobwino. Choopsa ndi mbozi kulowa mkati mutu usanatseke, ikatsekeredwa mmenemo mankhwala safikako. Ndiye musankhe makabichi 20 m'malo osiyanasiyana a dimbalo, mutsegule timasamba tapakati, mundiuze angati ali ndi mbozi. Ndipo zitsa za kabichi wakale mwasiya kumapeto zija zizulidwe zikakwiriridwe, ndi kumene zikuswanirana.

Ndikhala pa intaneti mawa ikamakwana 1 koloko nthawi ya nkhomaliro, mutumize isanakwane. Mupereke moni kwa mayi ndi ana.