Kulipira nyumba m'magawo: invoisi ya gawo ndi ritenshoni

[Pa chithunzi: nyumba yomwe yafika pa bimu koma ilibe denga, udzu wamera mkati]

Nyumba ngati iyi mwaziona ku Machinjiri, ku Kameza, ku Chileka, ngakhale ku Namiwawa komwe. Anthu akamadutsa amati mwini wake ndalama zinamuthera. Nthawi zambiri sizinathe zokha ayi. Zinatsogola, ntchito n'kutsalira m'mbuyo. Kontirakitala analandira ndalama za denga makoma asanathe, ndipo tsiku lomwe anasiya kuyankha foni, zotsala m'thumba la mwini nyumba sizikanakwanira kumaliza ntchito yotsalayo.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama a makampani ang'onoang'ono a zomangamanga kuno ku Blantyre. Lero tiwerengera limodzi nyumba imodzi, kuyambira pa maziko mpaka pa makiyi. Ziwerengerozi ndi zachitsanzo, ndipo VAT ndaichotsamo dala kuti tisasokonezeke.

[Pa chithunzi: pepala la mgwirizano, cholembera]

Tiyerekeze kuti mayi wina akumanga nyumba ya zipinda zitatu ku Kameza. Agwirizana ndi kontirakitala pa K60 miliyoni, zipangizo ndi ntchito zonse pamodzi. Ndalamayi aigawa pasanu. Maziko mpaka silabu, K12 miliyoni. Makoma mpaka bimu, K15 miliyoni. Denga, K12 miliyoni. Pulasitala, mawaya a magetsi ndi mapaipi, K12 miliyoni. Zomalizira, monga matailosi, siling'i, penti ndi zitseko, K9 miliyoni.

Taonani kuti palibe gawo lotchedwa "kutha kwa mwezi". Gawo lililonse likutha pa chinthu choti munthu angathe kuimapo n'kuchiloza ndi chala. Silabu yathiridwa kapena sinathiridwe. Mukalemba zoti "ntchito ikafika theka", mwadziputira mkangano, chifukwa theka la kontirakitala ndi theka la mwini nyumba silifanana. Ndipo mawu oti "denga" okha ndi osakwanira. Lembani kuti matabwa, malata a geji yakuti, zotsekera pamsonga ndi magatala. Apo ayi mudzamva kuti, "Magatala sitinakambirane, mayi."

Mumgwirizanomo muli zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi adivansi ya K6 miliyoni, yoti kontirakitala ayambire: kugula simenti, kwale, mchenga, kubweretsa anyamata pamalo. Imeneyi ndi ngongole, si malipiro, ndipo izibwezedwa podula 10 peresenti pa invoisi iliyonse. Chachiwiri ndi ritenshoni, ndalama yosungidwa. Pa ntchito iliyonse yomwe yatha, mwini nyumba amagwirako kachigawo, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ngati chikole choti zolakwika zikadzaoneka kontirakitala adzabwera kudzakonza. Mayi athuwa agwirizana 10 peresenti.

[Pa chithunzi: invoisi yoyamba]

Silabu yatha. Kontirakitala akulemba invoisi yoyamba: ntchito ya K12 miliyoni. Tichotse ritenshoni K1.2 miliyoni, tichotsenso kubweza adivansi K1.2 miliyoni. Alandira K9.6 miliyoni. Apa n'posavuta.

Pa invoisi yachiwiri ndi pomwe ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Invoisi yabwino siiyamba ndi mtengo wa gawo latsopano lokha. Imayamba ndi mtengo wa ntchito yonse yomwe yaima pamalopo kuchokera tsiku loyamba, kenako n'kuchotsa zonse zomwe zinalipidwa kale.

[Pa chithunzi: mizere ikutuluka umodziumodzi]

Ntchito yonse mpaka lero: K27 miliyoni, ndiye kuti 12 kuphatikiza 15. Ritenshoni yonse mpaka lero: K2.7 miliyoni. Adivansi yobwezedwa mpaka lero: K2.7 miliyoni. Zatsala K21.6 miliyoni. Tichotse K9.6 miliyoni ya invoisi yoyamba ija. Zoti alandire tsopano ndi K12 miliyoni.

Wina anena kuti, "Aa, bwanji osangotenga 15 n'kuchotsa 3? Yankho ndi lomwelo." N'zoona, lero ndi lomwelo. Ubwino wake uonekera pa invoisi yachitatu.

Denga lakhomedwa, kontirakitala wabweretsa invoisi yonena kuti ntchito yonse yafika K39 miliyoni. Mayi aja sanalipire nthawi yomweyo. Aitana munthu wodziwa kuyeza ntchito, amene timati kwantite saveya, ngakhale injiniya kapena mmisiri wodalirika yemwe sali mbali ya kontirakitala angathandize pa nyumba yaing'ono. Ayenda naye pamalopo Loweruka m'mawa, tepi m'manja. Kuseri apeza kuti khoma la khonde la kukhitchini ndi bimu yake sizinamangidwe, chonsecho zinalipidwa m'gawo lachiwiri. Mtengo wake K1 miliyoni.

"Achimwene, khoma ili lili kuti?"

"Timaliza sabata yamawa, mayi, mabuloko anachedwa."

Palibe chifukwa chokalipirana kapena kuuza munthu kuti abweze ndalama. Mungokonza mzere woyamba. Ntchito yonse yomwe ilipodi ndi K38 miliyoni. Ritenshoni K3.8 miliyoni, adivansi K3.8 miliyoni, zatsala K30.4 miliyoni. Zolipidwa kale pa mainvoisi awiri aja ndi K21.6 miliyoni. Alandira K8.8 miliyoni m'malo mwa K9.6 miliyoni yomwe amayembekezera. Khoma lija likadzamangidwa, lidzalowa lokha mu invoisi yachinayi. Cholakwika cha m'mbuyo chimakonzeka pa invoisi yotsatira, ndipo aliyense akayang'ana pepala lomaliza lokha amadziwa pomwe zinthu zili.

Ntchito yowonjezera nayo imalowa momwemo. Mayi akasintha maganizo n'kufuna windo lina kuchipinda chochezera, mtengo ulembedwe ndi kusainidwa windolo lisanaboolidwe, ndipo likhale ndi mzere wakewake pa invoisi. Za pa foni zija, "ingopangani tidzaonana", ndi zomwe zimadanitsa anthu pamapeto.

[Pa chithunzi: mapepala awiri a magawo, moyandikana]

Tsopano msampha womwe umabala nyumba zomera udzu zija. Kontirakitala wochenjera sakweza mtengo wonse. K60 miliyoni imakhala yomweyo, koma amalemeretsa magawo oyamba. Maziko awaika pa K20 miliyoni, makoma K20 miliyoni, zomalizira n'kuzisiyira K3 miliyoni. Pofika pa bimu watenga kale phindu lake lonse, ndipo zotsalazo ndi ntchito yomudyera ndalama za m'thumba mwake. Akapeza ntchito ina ku Lunzu, anyamata onse amasamukira komweko.

Mungadziwe bwanji? Musanalipire invoisi iliyonse, dzifunseni kuti: munthuyu atachoka lero, kodi ndalama zomwe ndatsala nazo zingakwanire kuti wina amalize? Pa nyumba ya mayi athu, atalipira invoisi yachitatu atulutsa K36.4 miliyoni, kuwerengera ndi adivansi. Atsala ndi K23.6 miliyoni, pomwe ntchito yotsala ndi ya K22 miliyoni. Ali bwino, ngakhale mpata wake ndi wochepa. Koma pa invoisi yoyamba anali atatulutsa K15.6 miliyoni pa ntchito ya K12 miliyoni. Nthawi ya kumayambiriroyi ndi yomwe mwini nyumba amakhala pangozi kwambiri, n'chifukwa chake ine adivansi yaikulu sindiikonda. Pa ntchito zikuluzikulu, adivansi imaperekedwa kontirakitala akabweretsa kalata ya chitsimikizo yochokera kubanki kapena ku kampani ya inshuwalansi. Pa nyumba ya munthu wamba, ichepetseni, kapena ikhale ya zipangizo zomwe mwaziona zatsitsidwa pamalo anu.

[Pa chithunzi: makiyi akuperekedwa]

Nyumba yatha. Adivansi yonse yabwezedwa, ndipo ritenshoni yakwana K6 miliyoni. Mwambo wake ndi woti theka limaperekedwa tsiku lomwe nyumba yalandiridwa kuti anthu atha kulowamo, ndiye K3 miliyoni ipite. Theka linalo limadikira nthawi yoyesera nyumba, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 6 kapena 12.

Kwa ife kuno, posankha miyeziyo yang'anani kalendala. Nyumba yolandiridwa mu Epulo ndi miyezi 6 yoyesera, nthawi yake itha mu Okutobala, denga lisanalawe mvula yeniyeni. Mudzapereka ndalama yonse, kenako mu Januwale siling'i n'kuyamba kuda pakona. Ine ndimalangiza kuti nthawiyo idutse dzinja lathunthu.

Tinene kuti zaterodi. Madzi akulowa pomwe madenga awiri akumana. Mayi ajambule chithunzi, alembe kalata kapena uthenga wokhala ndi deti, apereke masiku omwe mgwirizano unanena. Kontirakitala akabwera n'kukonza, K3 miliyoni yake adzalandira yonse. Akapanda kubwera, mayi aitane mmisiri wina, tinene kuti walipidwa K700,000, asunge malisiti, ndipo nthawi ikakwana apereke K2.3 miliyoni yotsalayo. Koma galasi lomwe mwana waswa ndi mpira, kapena penti yomwe yada ndi utsi wa mbaula, si mlandu wa kontirakitala.

Pano ndiyankhulepo mbali ya makontirakitala, poti mabuku awo ndi omwe ndimagwira. Ritenshoni ndi ndalama yawo, anaigwirira ntchito kale. Si kuchotsera mtengo. Ndinaonapo bwana wina, dzina sinditchula, atalowa m'nyumba, chaka chatha, palibe chodandaula, koma akafunsidwa amangoti, "Mudikire kaye, zinthu sizili bwino." Ndalamayo anali atagulira mipando. Ngati phindu la kontirakitala pa ntchitoyo linali pafupi ndi 10 peresenti, ndiye kuti phindu lonse ndi lomwe lagwidwalo. Ndipo kwacha siidikira munthu. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti, moti amene ankadikira ritenshoni nthawi imeneyo anadzalandira ndalama yogula matumba a simenti ochepa kuposa omwe ikanagula tsiku lomwe inadulidwa.

Choncho akontirakitala, m'mabuku mwanu ritenshoni ikhale ndi tsamba lakelake, ngati ngongole yomwe kasitomala ali nayo kwa inu, ndi deti lomwe iyenera kutuluka. Tsiku lolandira nyumba musainirane pepala, chifukwa miyezi ija imayamba kuwerengedwa pa deti limenelo, ndipo popanda pepalalo mwini nyumba atha kunena kuti ntchito sinathe mpaka kalekale. Ikakwana nthawi lembani invoisi ya ritenshoniyo, musadikire kuti akukumbukirani. Ngati munagawira wina ntchito ya magetsi kapena ya mapaipi, muuzeni poyamba pomwe kuti nayenso adulidwa chimodzimodzi, apo ayi mudzamulipira zonse kuchokera m'thumba mwanu inu mukudikira. Za VAT ndi msonkho womwe makampani ndi maofesi aboma amadula polipira kontirakitala n'kupereka ku MRA, zimenezo zikhale pa mizere yawoyawo pansi pa invoisi, zisasakanikirane ndi ritenshoni.

Ndipo inu omangitsa, ndalama yomwe mwadulayo isungeni padera, mu akaunti ina ngati n'kotheka. Pa nyumba ya ku Kameza ija ndi K1.2 miliyoni pa silabu, K2.7 miliyoni pa bimu, K6 miliyoni pa makiyi. Kontirakitala akafunsa, muzitha kumuonetsa kuti ilipo.

[Pa chithunzi: invoisi yachitatu ija, mzere wa K38 miliyoni utazunguliridwa ndi cholembera chofiira]