Foni ngati maiki: zomwe tinaphunzira Loweruka lija

Zikomo a mfumu, abusa, amayi ndi abambo nonse. Amene munali ku mwambo wopereka mphatso kwa ana Loweruka, kusukulu yathu ija kumtunda kuno, munamva nokha. Aphunzitsi atangoyamba kuitana mayina pafoni yolumikiza ku sipika, sipikayo inalira tswiii, mwana wina wa Sitandade 1 mpaka anagwira makutu n'kuyamba kulira. Anthu akuti sipika ndi yakufa. Sipika ija ndinaiyesa Lolemba, ilibe vuto. Aphunzitsi aja anaima kutsogolo kwake, basi.

Foni ikamva mawu anu imawatumiza ku sipika. Mukaima kutsogolo, mawu otuluka mu sipika amalowanso mufoni, foni n'kuwabwezera ku sipika atakula, kuzungulira choncho mpaka likhweru lija. Ndiye musaime kutsogolo kwa sipika. Sipika iziyang'ana anthu, inu muime kumbuyo kwake kapena pambali, mapazi anayi kapena asanu. Ikayamba kulira musaphimbe foni ndi dzanja, zimangoipiraipira. Tsitsani voliyumu, bwererani m'mbuyo.

Chinanso, foniyo ambiri mumaigwira ngati mukuimbira munthu, kukhutu. Kabowo komvera mawu kali kumunsi, pafupi ndi pobayira tchaja. Kumeneko ndiye kulozetseni kukamwa, patali ngati zala zinayi. Kukamwa kukakhala pafupi, voliyumu siifunika yambiri, ndiye likhweru silibwera msanga. Kuno ku Mzuzu mvula ikamagunda pamalata timathamangira kukweza sipika, pomwe chofunika n'kuyandikitsa foni kukamwa.

Eya, amayi kumbuyoko?

(Mayi wina: Nanga ife akwaya tingaimbire pafoniyo? Maiki athu anawonongeka.)

Mwafunsa bwino mayi, ndipo ndikuyankhani mosabisa: pa Bluetooth musayese. Mawu amachedwa panjira. Foni imayamba yawakonza, kuwatumiza, sipika n'kuwamasula, ndipo zonsezo zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, pena kuposa. Polengeza za maliro kapena za chopereka palibe amene angadandaule. Koma woyambitsa nyimbo akamaimba, ng'oma ili apa, manja akuwombedwa, mawu ake mu sipika amabwera m'mbuyo mwa ng'oma. Mpingo umatsata sipika, kwaya ikutsata ng'oma, nyimbo yagawika pawiri. Ndinaziona kuukwati wa mphwanga ku Zolozolo, mtsikana woimba bwino kwambiri anasiyira pakati, chifukwa ankadzimva yekha akubwera m'mbuyo, lilime n'kumangika. Ngakhale wolankhula zimamusokoneza, ndiye chifukwa china choimira kumbuyo kwa sipika, kuti musamadzimve kwambiri.

Chothandiza ndi waya. Pezani waya wa AUX, wa mapulagi a 3.5 mm mbali zonse, wa mizere iwiri yakuda pansonga, kuti foni izigwiritsabe ntchito kabowo kake komvera mawu. Kuchedwa kumachepa ndithu, ngakhale mafoni ena otchipa amachedwabe pang'ono. Mudzakhala omangika pawaya, inde, koma woyambitsa nyimbo sayendayenda. Ndipo ndi wa munthu mmodzi, mayi. Foni imodzi singanyamule kwaya ya anthu 20, chifukwa kuti imve onse muyenera kukweza voliyumu, likhweru lija n'kubwerera. Ndiponso, waya kapena ayi, musaime kutsogolo kwa sipika.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kunja, mitambo yada, ndithamange. Foni payokha siitumiza mawu anu ku sipika, pamafunika pulogalamu. Pa Play Store lembani microphone, sankhani imodzi, muiyese kunyumba dzulo lake, osati alendo atakhala kale pansi. Ikapempha chilolezo chomvera mawu, vomerani. Tsikulo yatsani Airplane mode, kenako muyatsenso Bluetooth, chifukwa nthawi zambiri imazima nayo. Mukapanda kutero, apongozi akakuimbirani tchalitchi chonse chimva foni ikulira pakati pa pemphero. Alamu nayo muzimitse, imalira ngakhale mu Airplane mode. Anyamata amene munalumikizapo kale mafoni anu ku sipika ija, zimitsani Bluetooth yanu, imalanda malo. Ndikunena inu apakona, musaseke.

Yambani voliyumu ili pansi, muzikweza pang'onopang'ono mukulankhula, likhweru likangoyamba mubwezeko pang'ono, muisiye pamenepo. Pa Bluetooth musapitirire mamita 10 kuchoka pa sipika, ndipo m'chipinda modzaza anthu ngakhale 6 mawu amayamba kudukaduka, chifukwa matupi a anthu amatchinga. Batire lidzaze, la foni ndi la sipika. Mukamaliza kulankhula tsekani pulogalamuyo musanaike foni m'thumba, asungichuma makamaka, mungalengeze za m'komiti osadziwa.

Sipika ndabwera nayo, ili apa. Abusa, bwerani muyese, muime mbali iyi ya kumbuyo.