Makalata a omvera: petulo wa ethanolo akutha msanga?

"Achimwene a pa wailesi, galimoto yanga ndi yakale ya kabuleta, kale imayenda makilomita 12 pa lita imodzi koma pano 9 basi, komanso m'mawa imanunkha petulo. Anzanga akuti ndi ethanolo amene amasakaniza mu petuloyu. Ndi zoona?"

Zikomo bambo polemba. Anzanuwo sananame koma awonjeza nkhani. Lita imodzi ya ethanolo ili ndi mphamvu yochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, chifukwa ethanoloyo ali kale ndi okisijeni mkati mwake ndiye gawo limenelo silikupatsani moto. Koma nanga amathiramo wochuluka bwanji? Petulo wotchedwa E10 ndiye kuti pa malita 10 aliwonse lita imodzi yokha ndi ethanolo, mphamvu imatsika ndi 3 peresenti kapena kuposera pang'ono. Pa galimoto yanuyo 12 uja angafike pa 11.6, thanki ya malita 40 imene imakufikitsani makilomita 480 izikufikitsani 464. Olo akhale E20, wa malita awiri a ethanolo pa malita 10 aliwonse, mutsika mpaka 11.2 chakuti. Ndiye kuchoka pa 12 kufika pa 9 ayi ndithu, petulo winayo akupita kwina.

Ine khutu langa laima pa fungo mwatchulalo. Galimoto zakale zinapangidwa ndi mapaipi a labala yosalimbana ndi ethanolo, labalayo imayamba yafufuma nkufewa kenako imauma nkuchita ming'alu, petulo amangochucha pang'onopang'ono nkuuma asanadonthe pansi, nchifukwa chake simuona chithaphwi koma mphuno ikumva. Mawa injini isanatenthe tsegulani boneti, tsinani paipi yochoka ku pampu kupita ku kabuleta. Ikakhala gwa ngati mtengo, kapena ikusiya zakuda m'zala, yatha imeneyo. Pogula ina werengani zolembedwa pa paipipo, ya SAE J30 R9 imapirira ethanolo. Auzeni amakaniko aonenso kalabala ka mkati mwa pampu ya petulo, kakang'ambika petulo amalowa mu oilo, mudzaona oilo akukwera pa kachitsulo koyezera kaja komanso akununkha petulo. Ndipo chonde musamayendere nayo ikuchucha, moto wa galimoto sucheza.

China choti mudziwe, ethanolo amafuna mpweya wochepa poyaka. Galimoto zatsopano zili ndi sensa ku ekizozi ndiye kompyuta imawonjezera yokha petulo, kabuleta alibe nzeru zimenezo, amangopereka muyeso womwe uja, injini nkumalandira mafuta operewera. Mukamamva ikudodoma mukaponda moto kapena ikutentha kuposa kale, kabuleta akufunika kumuchuna.

Kalata yachiwiri alemba ndi mayi, akuti: "Njinga yamoto ya mwana wanga yakhala miyezi isanu osayenda, thanki inali ndi petulo pang'ono. Pano ikukana kulira, titatsitsa petulo tapeza madzi pansi. Kodi anatigulitsa wothira madzi?"

Mayi, musathamangire kukalimbana ndi ogulitsa. Ethanolo ndi madzi ndi pachibale, amakoka chinyezi. Thanki ikakhala yosadzaza mpweya umalowa nkutuluka masana ndi usiku, mkati mumachita mame, ethanolo nkumamwa madziwo mwakachetechete mpaka atakhuta. Safuna ambiri, mu E10 madzi okwana theka la peresenti basi akwanira, pamenepo ethanolo amasiyana ndi petulo nkukhala pansi limodzi ndi madzi aja. Tsoka lake paipi imakoka kuchokera pansi pomwepo, ndiye kabuleta akumwa zamadzimadzi, njinga ilira bwanji?

Thirani pang'ono mu botolo lagalasi, lisiyeni likhazikike, mukaona mzere wogawa pakati, pansi pali potuwa, ndi zomwezo. Wapamwambayo musamukhulupirirenso chifukwa ethanolo ndi amene amathandiza kuti petulo asamagogode mu injini, atachokamo watsala wofooka. Kugwedeza botolo sikuthandiza, amasiyananso. Tsitsani yense, yang'anani mu thanki ndi tochi ngati mwachita dzimbiri, kabuleta atsukidwe makamaka timabowo ting'onoting'ono todutsa petulo tija, mudzapeza zoyera ngati ufa pa chitsulo chake. Sefa ya petulo musinthe, mwinanso kawiri, poti ethanolo amasungunula litsiro lakale la mu thanki nkulitumiza kutsogolo.

Ulendo wina ikamaima nthawi yaitali mwanayo atseke kampopi ka petulo, ayilize mpaka izime yokha kuti mu kabuleta musatsale kanthu, thanki adzaze mpaka kukamwa kapena akhuthule yense. A majenereta inunso mwamva eti. Timvereko kanyimbo kaye, tikabwerera tili ndi kalata ya mabuleki.