Kutumiza zinyalala kumtaya wakutali popanda kuthera ndalama pa dizilo

Mafumu onse, makhansala, amayi ndi abambo amene mwachokera m'madera a kuno ku Mzuzu, komanso inu amene mwakwera kuchokera ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay, ndikuthokozani kuti mwabwera. Nkhani imene ndapemphedwa kuti ndifotokoze ndi ya malo osinthira zinyalala, ndipo ndiyamba ndi chinthu chimene ambiri a ife tinachiona ndi maso pa nthawi yogulitsa chimanga. Mlimi amene ali ndi matumba asanu satenga ngolo yake mpaka ku Lilongwe. Amakasiya matumbawo pa msika wapafupi, pamene matumba a anthu ambiri amaunjikana, kenaka lole imodzi yaikulu imanyamula onse ulendo umodzi. Malo osinthira zinyalala amagwira ntchito mofananamo: ndi malo apafupi ndi tauni pamene galimoto zing'onozing'ono, mathirakitala ndi mawilibala amakhuthula zimene atolera, kuti galimoto yaikulu izinyamule kupita kumtaya wakutali. Zinyalala sizikhala pamenepo, zimangodutsapo.

Chifukwa chake n'chakuti galimoto yotolera zinyalala inapangidwira kuyenda pang'onopang'ono m'misewu yopapatiza, kuima pa msika, kuima pa sukulu, anthu n'kumapakira. Ikangotuluka m'tauni kulowa msewu wautali, ikugwira ntchito imene si yake, ndipo nthawi yonseyo palibe amene akutolera zinyalala m'mbuyomu. Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyeni tiwerengere limodzi chitsanzo chimodzi. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza, koma ndi oyandikira zimene galimoto zotere zimachita, ndipo inu mukabwerera kwanu mukaikemo manambala anu enieni.

Tiyerekeze tauni imene imatolera matani 12 a zinyalala pa tsiku, ndipo mtaya wovomerezeka uli pa mtunda wa makilomita 45, pafupifupi ngati kuchoka ku Nkhata Bay kufika kuno. Tauniyo ili ndi tipa yaing'ono yonyamula matani 3 pa ulendo, imene imayenda makilomita 4 pa lita imodzi ya dizilo. Kuti matani 12 achoke, tipayo iyenera kuyenda maulendo 4, ndipo ulendo uliwonse kupita ndi kubwera ndi makilomita 90. Pa tsiku ndi makilomita 360, kutanthauza malita 90 a dizilo. Mukagawa ndi matani 12, mupeza kuti tani iliyonse yadya malita 7 ndi theka.

Koma ine chimene chimandipweteka kwambiri pa chitsanzo chimenechi ndi nthawi. Galimoto yolemedwa pa msewu wa zitunda imatenga ola limodzi kupita, theka la ola kukhuthula, ndi ola lina kubwerera. Maulendo 4 ndi maola 10, osawerengera ngakhale mphindi imodzi yopakira zinyalala m'tauni. N'zosatheka, choncho chimene chimachitika n'chakuti tipayo imayenda maulendo awiri okha, theka la zinyalala n'kugona pa msika, mawa lake n'kuonjezekera zina. Opakira atatu a pa tipayo, amene amalipidwa kuti azitolera, amathera tsiku ali khale pamwamba pa galimoto kapena kudikira pa mthunzi. Anthu amaona mulu pa msika n'kumati ogwira ntchito ndi aulesi, pamene vuto lenileni ndi mtunda.

Tsopano timange malo osinthira pa mtunda wa makilomita 3 kuchoka pa msika. Tipa ija iyendabe maulendo 4, koma uliwonse ndi makilomita 6, onse pamodzi makilomita 24, amene ndi malita 6 okha. Madzulo lole yaikulu yonyamula matani 12 iyenda ulendo umodzi wa makilomita 90. Lole yotere imamwa kwambiri, tinene makilomita awiri ndi theka pa lita, ndiye idya malita 36. Tionjezepo malita 8 a makina opakira zinyalala mu loleyo. Zonse pamodzi ndi malita 50, poyerekeza ndi 90 aja. Tapulumutsa malita 40 pa tsiku, amene pa masiku 26 ogwira ntchito m'mwezi ndi malita oposa 1,000. Chinsinsi chake n'chakuti lole yaikulu, ngakhale imamwa dizilo wambiri pa kilomita, siimwa kanayi kuposa tipa, pamene katundu imanyamula wochuluka kanayi, komanso imangofuna dalaivala mmodzi. Pamwamba pa izi, tipa ija siikufunikanso kuyenda makilomita 360 pa tsiku, ndiye matayala, mabuleki ndi masipuling'i ake akhalitsa, ndipo ili ndi nthawi yofika m'madera amene kale sinkafika.

Apa ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Malo osinthira ali ndi mtengo wakewake umene susintha kaya mtaya uli pafupi kapena kutali: simenti, denga, mpanda, mlonda, woyang'anira, ndi lole yaikuluyo imene iyenera kugulidwa kapena kuchitidwa hayala. Ngati mtaya uli pafupi, mtengo umenewu umameza phindu lonse. Tibwerezenso chiwerengero chija ndi mtunda wa makilomita 10. Kupita molunjika, tipa iyenda makilomita 80 pa tsiku ndipo idya malita 20. Kudzera pa malo osinthira, tipa idya malita 6, lole malita 8, makina opakira malita 8, onse 22. Mwaona kuti taluza, ngakhale tisanalipire mlonda. Pa makilomita 20, umene ndi pafupifupi mtunda wa Ekwendeni kufika kuno, kupita molunjika ndi malita 40 ndipo kusinthira ndi malita 30, phindu la malita 10 limene mwina lingolipira antchito a pa malopo n'kutha. Bungwe la boma loteteza chilengedwe ku Amerika, m'buku lake la malangizo la mu 2002, linanena kuti kusinthira kumayamba kupindulitsa mtaya ukakhala pa mtunda woposa mamailosi 15 mpaka 20, amene ndi makilomita pafupifupi 25 mpaka 30. Misewu yathu ndi malipiro athu n'zosiyana ndi zawo, koma mukuona kuti chiwerengero chathu chatifikitsa pafupi pomwepo. Choncho, ngati zinyalala zanu zizibwera kumtaya wa kuno ku Mzuzu, abale a ku Nkhata Bay nkhaniyi ikukukhudzani mwachindunji, pamene a ku Ekwendeni muli m'malire, ndipo muyenera kuwerengera mosamala musanaike njerwa ngakhale imodzi.

Pali njira yochepetsera mtengowo imene dziko lathu la zitunda latipatsa kwaulere. Malo osinthira akamangidwa pa chitunda, amakhala ndi nsanja ziwiri: galimoto zing'onozing'ono zimakwera kumtunda, lole yaikulu kapena chidebe chake chimaima kumunsi, mophatikana ndi khoma lolimba la konkire, ndipo zinyalala zimangogwera mkati. Pamenepo makina opakira safunikanso, ndiye malita 8 aja achoka pa chiwerengero, pamodzi ndi mavuto onse okonzetsa makinawo. Anthu awiri okhala ndi mafosholo ndi maleki amakwanitsa kusalaza katunduyo. Khomalo liyenera kujambulidwa ndi injiniya, chifukwa galimoto yolemedwa imaima m'mphepete mwake, ndipo pafunika chotchinga cha matayala kuti dalaivala pobwerera m'mbuyo asagwere kumunsi.

Ena adzakuuzani kuti mugule makina opanikiza zinyalala. Makina amenewo amathandiza kumene zinyalala zambiri ndi mapepala, makatoni ndi mapulasitiki, zinthu zopepuka zodzaza malo. Zathu kuno zambiri ndi makoko a nthochi ndi chinangwa, masamba, phulusa ndi dothi losesedwa pabwalo, zimene ndi zolemera kale. Kiyubiki mita imodzi ya zinyalala zotere ikhoza kulemera makilogalamu pafupifupi 400, ndiye matani 12 afuna malo okwana makiyubiki mita 30, amene lole ya matupi ataliatali imawakwanitsa popanda kupanikiza. Chimene mudzayambe kugunda ndi malire a kulemera kumene msewu umalola, osati kuchepa kwa malo. Ndalama ya makinawo ndi bwino kuiika pa denga. Inu nomwe mukudziwa mmene mvula imagwera kuno ndi ku Nkhata Bay, ndipo zinyalala zimene zanyowa usiku wonse zimatanthauza kuti mukulipira dizilo kuti munyamule madzi kukwera nawo phiri.

Lingaliro lomwelo limatifikitsa pa kusankhula. Tani iliyonse imene yasankhulidwa isanakwere lole yaikulu ndi tani imene simunailipirire ulendo. Ngati zinyalala za pa msika wa ndiwo zikutoleredwa pazokha, osasakaniza ndi magalasi kapena mapulasitiki, zikhoza kupita ku gulu lopanga manyowa chapafupi. Mukachotsa matani 4 pa 12 aja, lole yaikulu iyenda maulendo awiri pa masiku atatu m'malo mwa atatu. Dothi ndi mchenga wa m'matsache siziyenera n'komwe kukwera galimoto.

Chimene chimapha malo osinthira kawirikawiri ndi lole yaikulu ikaonongeka. Tipa imapitirizabe kubweretsa matani 12 tsiku lililonse, ndipo pakatha sabata pali mulu wa matani oposa 70 pakati pa nyumba za anthu. Ndinaonapo malo ena amene anatsekedwa ndi anthu oyandikana nawo pa chifukwa chimenechi, ndipo sindinawaimbe mlandu, pakuti anawalonjeza malo odutsirapo koma anawapatsa mtaya. Lamulo lake likhale lakuti zinyalala zisagone kupitirira masiku awiri, chifukwa nyengo yotentha dzira la ntchentche limasanduka ntchentche yokhwima m'masiku pafupifupi 7 mpaka 10, ndipo mphutsi zimayamba kuoneka pa tsiku limodzi kapena awiri. Mukaona mphutsi m'makona, madzi akuda akutsika kulowera mu ngalande, kapena agalu ndi makoswe atazolowera pamalopo, dziwani kuti ndondomeko yasokonekera kale. N'chifukwa chake musanatsegule malowo muyenera kukhala ndi mgwirizano wolembedwa ndi mwini lole wina amene angabwere tsiku lomwelo, komanso pansi pake pakhale pa simenti potsetserekera ku dzenje lotolera madzi oipawo, kuti asalowe m'zitsime kapena mu mtsinje.

Vuto lina limabisala kwambiri, ndipo ndi lole yonyamuka isanadzaze. Mu chitsanzo chathu, lole ikapita ndi matani 6 m'malo mwa 12, iyenera kuyenda kawiri, ndipo dizilo wake akwera kufika pafupifupi kawiri, phindu lija n'kutsala lochepa kapena kutheratu. Tauni imene imatolera matani 4 okha pa tsiku singadzaze lole yotere m'masiku awiri, choncho iyenera kusankha lole yocheperapo kapena kugwirizana ndi misika yoyandikana nayo kuti onse azikhuthula pa malo amodzi. Kuti mudziwe ngati zikuyenda, woyang'anira akhale ndi kaundula mmene tsiku lililonse alembe galimoto zimene zalowa, nthawi imene lole yanyamuka, mmene inadzazira, makilomita ake ndi malita amene yathiridwa. Kumapeto kwa mwezi komiti igawe malita onse ndi matani onse. Nambala imeneyo ikakhala pafupi ndi 4, monga mu chitsanzo chathu, zinthu zili bwino, koma ikayamba kukwera kulowera ku 7, pitani mukaime pa malopo m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi, muone nokha mmene lole ikunyamukira.